Kafupikitsidwe ka Ndime Yaitali Yolimbikitsa Kuti Ikwane pa Chithunzi cha Sikirini ya Foni

Munthu akapeza ndime imene yamufika pamtima amafuna kuti aziiona tsiku lililonse, choncho amaikopera yonse n'kuiika pa chithunzi cha pasikirini ya foni yake. Zotsatira zake zimakhala zodziwikiratu. Zilembo zimachepa kwambiri moti saziwerenga popanda kutsinzinira, wotchi ya pasikirini imakhala pamwamba pa mzere woyamba, ndipo pakatha masiku atatu maso amayamba kudumpha mawu onsewo ngati palibe chimene chalembedwa. Ena amazindikira vutoli n'kuyamba kudula mawu apa ndi apo, koma amatsala ndi chiganizo chopanda mutu, kapena ndi mawu wamba onga akuti “musataye mtima” amene sakunenanso chimene ndime ija inkanena.

Vuto limakhala lakuti kufupikitsa kotereku sikutheka pongochotsa mawu. Ndime yaitali imanyamula mfundo zingapo, pamene mawu a pasikirini amanyamula mfundo imodzi yokha, motero ntchito yeniyeni ndi kusankha mfundo imodziyo ndi kulolera kuti zinazo zitsale. Malangizo ali m'munsiwa akutsata ndime imodzi kuchokera pa mawu 94 kufika pa mawu 6.

## Zofunika kukhala nazo

- Ndime imene mukufuna kufupikitsa, yolembedwa papepala kapena yosindikizidwa, osati yongoonera pafoni, chifukwa mufunika kuikhwatcha.
- Cholembera ndi pepala lina lopanda kanthu lolembapo zoyesera.
- Foni imene chithunzicho chidzakhalepo.
- Chithunzi chojambula sikirini ya foniyo itatsekedwa, choonetsa pamene pali wotchi, deti ndi mabatani.
- Pulogalamu iliyonse yotha kulemba mawu pa chithunzi, imene imalola kusankha kukula kwa chithunzicho.
- Munthu mmodzi amene sanawerengepo ndimeyo.

Ndime imene tigwiritse ntchito ndi iyi:

“Anthu ambiri amaganiza kuti kupambana m'moyo kumabwera tsiku limodzi ngati mphezi, koma zoona zake n'zakuti kupambana kumachokera ku tinthu ting'onoting'ono timene munthu amachita tsiku ndi tsiku ngakhale pamene sakufuna. Padzakhala masiku ena amene mudzadzuka muli otopa, ndipo mudzaona ngati khama lanu lonse silikuphula kanthu. Anzanu ena adzaoneka ngati akupita patsogolo mofulumira kuposa inu, ndipo mudzafuna kusiya. Musadziyerekeze ndi anthu ena, chifukwa aliyense ali ndi ulendo wake. Chofunika n'chakuti musadikire tsiku limene mudzamve mphamvu kuti muyambe. Chitani kagawo kakang'ono ka lero, ndipo mawa mudzachitenso kena, mpaka tsiku lina mudzayang'ana m'mbuyo n'kudabwa ndi mtunda umene mwayenda.”

## 1. Yezani malo musanalembe chilichonse

Anthu ambiri amayamba ndi mawu n'kumalizira ndi sikirini, ndipo n'chifukwa chake amadzaona mochedwa kuti zimene alemba sizikukwana. Yambani ndi sikirini. Tsegulani chithunzi chimene mwajambula sikirini yanu ndipo muone zambiri za chithunzicho, chifukwa manambala a kukula kwake ndi omwewo a sikirini yanu. Manambalawa amawerenga mapikiselo, timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi mapikiselo 1080 m'mbali ndi 2340 kapena 2400 m'litali, pamene akalekale ambiri anali ndi 1080 ndi 1920, ndipo ena otsika mtengo ali ndi 720 m'mbali.

Tiyerekeze kuti yanu ndi ya 1080 ndi 2400. Pa mafoni ambiri gawo limodzi mwa magawo atatu lakumwamba, mapikiselo pafupifupi 800, limatengedwa ndi wotchi ndi deti. Kumunsi kumakhala batani la kamera, la tochi, kapena malo oika chala potsegula foni, ndipo kumeneko muyenera kusiyako mapikiselo pafupifupi 400. M'mbali muyenera kusiya gawo limodzi mwa magawo khumi kumanzere ndi kumanja, amene ndi mapikiselo 108 mbali iliyonse, ndipo mumatsala ndi 864 olembapo.

Nambala ya 864 imeneyi ndiyo ikulamulireni. Pa mitundu yambiri ya zilembo, chilembo chimodzi chimatenga m'mbali malo okwana pafupifupi theka la kukula kumene mwasankha, ndiye mukasankha kukula kwa mapikiselo 96, kumene kumawerengeka bwino foni ili patali ndi nkhope, chilembo chilichonse chimadya pafupifupi 48. Mukagawa 864 ndi 48 mumapeza 18. Choncho mzere umodzi umalandira zilembo pafupifupi 18, kuphatikizapo mipata ya pakati pa mawu, ndipo mizere isapitirire itatu. Malire abwino a chiganizo chonse ndi zilembo 40 kapena kucheperapo.

Chenjezo: musamawerenge mawu okha, muziwerenga zilembo. M'Chichewa mneni mmodzi amanyamula mwininkhani, nthawi, kukana ndi zina zambiri, moti liwu limodzi monga “musadziyerekeze” lili ndi zilembo 15 ndipo latsala pang'ono kudzaza mzere wonse lokha. Munthu amene wauzidwa kuti alembe mawu asanu ndi atatu angathe kukwanitsa lamulolo koma n'kupeza kuti zolembazo zikusefukira m'mbali.

## 2. Lembani mfundo zonse zimene zili m'ndime

Werengani ndimeyo kawiri, kenaka pambali pa chiganizo chilichonse lembani mwachidule chimene chikunena. Musakometsere mawu pano, chifukwa cholinga n'kungoona kuti mfundo zilimo zingati. Ndime yathu ili ndi ziganizo zisanu ndi chimodzi, ndipo muli mfundo zinayi: kupambana kumachokera ku tinthu tating'ono tochitidwa kawirikawiri, masiku otopa adzabwera, munthu asadziyerekeze ndi anzake, munthu asadikire kumva mphamvu koma achite gawo la tsikulo.

Mukaona kuti chiganizo china chikungobwereza mfundo ya chinzake, chiphatikizeni ndi chinzakecho. Mathero a ndime yathu, onena za kudabwa ndi mtunda umene munthu wayenda, akungobwereza mfundo yoyamba m'mawu ena, choncho sitiwawerenga paokha.

## 3. Sankhani mfundo imodzi, zinazo zitsale

Apa m'pamene ambiri amalephera, ndipo m'pofunika kuchedwapo. Mfundo zinayi zija zonse n'zoona, ndipo mtima umafuna kuzisunga zonse. Munthu akagonjera mtima wotere amalemba zinthu monga “Limbikira, usadziyerekeze ndi ena, yamba lero, udzapambana”, chimene ndi mndandanda wa malamulo anayi, ndipo palibe limodzi mwa iwo limene limakhala m'mutu. Mawu a pasikirini amaonedwa kwa kamphindi kochepa kwambiri, pamene munthu akuyang'ana nthawi kapena akutsegula foni kuti achite zina, ndipo m'kamphindi kotero mumalowa ganizo limodzi.

Njira yosankhira ndi kudzifunsa funso ili: kodi ndi pa nthawi iti ya tsiku pamene ndimafunika kukumbutsidwa, ndipo pa nthawiyo ndimakhala nditatsala pang'ono kulakwitsa chiyani? Yankho la funsoli limasiyana malinga ndi munthu, ndipo ndime imodzimodziyo ingabale mawu osiyana kwa anthu awiri. Munthu amene amataya mtima akaona zithunzi za anzake amene zinthu zikuwayendera ayenera kusankha mfundo yachitatu, ya kusadziyerekeza ndi ena. Koma tiyerekeze kuti amene tikumulembera ndi wophunzira amene amafika madzulo atatopa, n'kutenga foni m'malo motenga buku, akudziuza kuti awerenga mawa akadzakhala ndi mphamvu. Kwa iyeyu mfundo yoyenera ndi yachinayi, ndipo yachiwiri, ya kutopa, ingalowe ngati kachidutswa kosonyeza nthawi imene mawuwo akugwira ntchito.

Pali chizindikiro china chothandiza. M'ndime zambiri zolimbikitsa, mfundo yeniyeni simakhala m'chiganizo choyamba, chimene nthawi zambiri chimangokonza njira, koma imabwera pambuyo pa mawu monga “koma”, “choncho” kapena “chofunika n'chakuti”. M'ndime yathu wolemba watiuza yekha pamene pagona nkhani, pakuti chiganizo chachisanu chayamba ndi “Chofunika n'chakuti”.

Chenjezo: musasankhe chiganizo chifukwa chakuti n'chokoma kumva. Fanizo la mphezi m'chiganizo choyamba ndi lokopa, koma likufotokoza maganizo olakwika a anthu ena, ndipo mukalichotsa m'ndime n'kuliika lokha, lingamveke ngati mukuvomereza chimene wolemba ankatsutsa.

## 4. Nenani mfundoyo m'chiganizo chimodzi musanayambe kudula

Tembenuzani pepala kuti ndime isaoneke, ndipo lembani mfundo imene mwasankha m'chiganizo chimodzi, monga mmene mungauzire mnzanu pakamwa. Kubisa ndimeyo n'kofunika, chifukwa mukamaiona mumangokopera zidutswa zake ndipo simutha kuchoka m'kamangidwe kake. Chiganizo chathu chingatuluke chotere:

“Musadikire tsiku limene mudzamve mphamvu, chitani kagawo kakang'ono ka lero ngakhale mwatopa.”

Awa ndi mawu 12 ndi zilembo zoposa 90, zimene ndi zochuluka kuwirikiza kawiri malire athu, koma tsopano tili ndi chinthu chimodzi chomveka chimene tingasemepo. Ngati simungathe kulemba chiganizo chimodzi popanda kulumikiza mfundo ziwiri zosiyana ndi “ndipo” kapena “komanso”, ndiye kuti simunasankhebe, ndipo muyenera kubwerera ku gawo lachitatu.

## 5. Dulani motsatira ndondomeko

Kudula kumayenda bwino mukayamba ndi mawu amene sanyamula kanthu n'kumalizira ndi amene akunena chinthu chimodzi kawiri.

Oyamba kuchoka ndi mawu otsegulira, monga “zoona zake n'zakuti”, “chofunika n'chakuti”, “tiyenera kukumbukira kuti”. M'ndime amathandiza wowerenga kudziwa kumene akupita, koma pa sikirini palibe ulendo woti amutsogolere. Otsatira ndi mawu okometsera monga “kwambiri”, “ndithu”, “zedi” ndi “nthawi zonse”, amene amaoneka ngati akuwonjezera mphamvu pamene akungotalikitsa chiganizo. Kenaka yang'anani zigawo zoyamba ndi “amene”, “limene” kapena “chimene”, pakuti nthawi zambiri chigawo chonsecho chingalowedwe m'malo ndi liwu limodzi. M'chiganizo chathu, “tsiku limene mudzamve mphamvu” likhoza kungokhala “mphamvu”, ndipo “musadikire mphamvu” akunenabe zomwezo.

Pomaliza fufuzani pamene chinenero chanena kale chinthu kudzera m'mphatikiram'mbuyo, inu n'kuchinenanso ndi liwu lathunthu. Mawu akuti “kagawo kakang'ono” ndi chitsanzo chabwino: “ka” wa mu “kagawo” wanena kale kuti gawolo ndi laling'ono, choncho “kakang'ono” angachoke, ndipo zilembo 10 zapulumuka popanda kutaya kanthu. N'chimodzimodzi ndi “inu” kapena “iwe” pambali pa mneni, chifukwa “mwatopa” wanena kale amene watopa.

Chiganizo chathu chilinso ndi kubwereza kwina kobisika. “Musadikire mphamvu” ndi “chitani ngakhale mwatopa” ndi mfundo imodzi, yonenedwa koyamba mokana kenaka movomera. Chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kuchoka.

Chenjezo: musadule “sa”, “si”, “ngakhale” kapena “koma” pofuna kusunga malo musanaganize bwino. Timawu timeneti ndi tating'ono koma ndi timene timagwira tanthauzo, ndipo kuchotsa “ngakhale” m'chiganizo chathu kungasiye “mwatopa, chitani”, mawu amene akumveka ngati chipongwe.

## 6. Sankhani amene akulankhula ndi amene akulankhulidwa

Ndime ija inalembedwa mwaulemu, kwa “inu”, chifukwa wolemba ankalankhula ndi anthu amene sakuwadziwa. Koma foni ndi yanu, ndipo mawu a pasikirini ndi inu nomwe mukudzilankhula. Munthu podzilangiza mumtima sanena kuti “chitani”, amati “chita”, kapena “ndichite”. Kusinthaku kumafupikitsanso mawu, pakuti “chita” ndi wamfupi kuposa “chitani”, ndipo “watopa” ndi wamfupi kuposa “mwatopa”.

Mitundu itatu imene mungasankhe imamveka mosiyana. Kulamula, monga “chita kagawo ka lero”, kumathandiza pamene vuto ndi ulesi kapena kuzengereza. Kudzilankhulira, monga “ndichite kagawo ka lero”, n'kofatsa, ndipo kumayenera munthu amene amadziimba mlandu kale ndipo safunikanso liwu lina lomukalipira. Kunena chilungamo chabe popanda kulamula, monga “mtunda umatha ndi mapazi”, kumamveka ngati mwambi ndipo sikutopetsa msanga, koma sikukankha munthu kuchita kanthu pa nthawi yomweyo. Ine ndimaona kuti kwa wophunzira wathu wozengereza uja kulamula ndiko koyenera.

Ngati chithunzicho mukukonzera munthu wamkulu kwa inu, kapena mudzachigawira anthu ambiri, bwererani ku “chitani” ndi “mwatopa”, ndipo muwerengenso zilembo chifukwa zawonjezeka.

## 7. Lembani zoyesera zingapo ndipo muzimvetsere

Musakhutire ndi chiganizo choyamba chimene chakwana malire. Lembani zoyesera zosachepera zisanu, chilichonse ndi chiwerengero cha zilembo zake pambali, kenaka muziwerenge mokweza. Nazi zathu:

- “Kupambana kumafuna khama la tsiku ndi tsiku.” Zilembo 44.
- “Mphamvu zimabwera ukayamba.” Zilembo 27.
- “Pang'ono lero, pang'ono mawa.” Zilembo 29.
- “Usadikire mphamvu, yamba lero.” Zilembo 30.
- “Ngakhale watopa, chita kagawo ka lero.” Zilembo 38.

Choyamba chapitirira malire, ndipo vuto lake lalikulu si utali koma kuti chilibe mneni wouza munthu chochita; “kupambana” ndi “khama” ndi maina a zinthu zosaoneka, ndipo chiganizo chotere chingalembedwe pansi pa ndime iliyonse yolimbikitsa. Chachiwiri n'chachifupi ndipo n'chokoma, koma chikulonjeza chinthu chimene ndime ija sinalonjeze, pakuti wolemba sananene kuti mphamvu zidzabwera, anangoti tisazidikire. Chachitatu chili ndi kayimbidwe kabwino kuposa zonse, koma munthu wozengereza angachimve ngati chilolezo chosiyira mawa zimene akanachita lero. Chachinayi n'cholimba, kungoti “yamba” akuyenera munthu amene sanayambepo, pamene wophunzira wathu anayamba kale ndipo vuto lake ndi kupitiriza. Chachisanu n'chachitali pang'ono kuposa zinzake zitatu, koma chatchula nthawi yeniyeni ya vuto, imene ndi pamene munthu watopa, ndipo chatchula chochita chimene n'chaching'ono moti n'chovuta kuchikana. Chimenechi ndicho tisankhe.

Poweruza kamvekedwe, miyambi ndi mphunzitsi wabwino, chifukwa ndi mawu amene anafupikitsidwa kale mpaka kukhala osaiwalika. Taonani “Walira mvula walira matope”, kapena “Sunga khosi, mkanda uoneka”: uliwonse uli ndi mawu anayi, wagawika pakati m'zigawo ziwiri za mawu awiriawiri, uli ndi mneni, ndipo ukutchula zinthu zooneka ndi maso. Chiganizo chathu chili ndi maphatikizo asanu ndi limodzi m'chigawo choyamba ndi asanu ndi atatu m'chachiwiri, kusiyana kumene khutu limalandira bwino. Chigawo chimodzi chikatalika kuwirikiza kawiri chinzake, chiganizo chimatsimphina. Onaninso liwu lomaliza, chifukwa m'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo limakokedwa, ndipo liwu limene lili pamenepo ndilo limatsala m'khutu. Ife tamalizira ndi “lero”, limene ndi liwu lomwe tikufuna kuti litsale.

Chenjezo: ngati pali mwambi wonena mfundo yanu, monga “Pang'onopang'ono ndi mtolo”, mungaugwiritse ntchito, koma dziwani kuti mwambi umene munthu waumva kuyambira ali mwana maso amaudumpha msanga kusiyana ndi mawu atsopano.

## 8. Yesani mawuwo pa munthu amene sanaone ndime

Onetsani munthu uja chiganizo chokhacho, musamufotokozere kanthu, ndipo mumufunse kuti akuganiza kuti chikumuuza chiyani. Akayankha zofanana ndi chiganizo chanu cha m'gawo lachinayi, ntchito yayenda. Akafunsa kuti “kagawo ka chiyani?”, ganizirani ngati funsolo lili ndi vuto kwa inu. Pa foni yanu mulibe vuto, popeza mukudziwa ntchito imene mukunena, koma ngati chithunzicho n'chogawira ena mungafunike kutchula chinthucho, monga “werenga tsamba la lero”. Pakapita ola limodzi mufunseninso kuti anene mawuwo pamtima. Liwu limene waiwala kapena wasintha nthawi zambiri ndi limene silinali lofunika.

## 9. Gawani mizere motsatira kapumidwe

Musalole pulogalamu kukudulirani mizere, chifukwa imadula pamene malo athera, osati pamene tanthauzo lapumira. Chiganizo chathu chigawidwe motere:

Ngakhale watopa,
chita kagawo
ka lero.

Mzere woyamba uli ndi zilembo 16, wachiwiri 12, wachitatu 8, ndipo yonse ili pansi pa 18. Mukafuna mizere iwiri yokha, wachiwiri ukhala “chita kagawo ka lero.”, wa zilembo 21, ndipo mudzakakamizika kuchepetsa zilembo zonse kuti ukwane. Timawu monga “ka”, “za”, “la”, “ndi” ndi “pa” tizipita pamodzi ndi liwu lotsatira, tisatsale tokha kumapeto kwa mzere. Liwu lisadulidwe pakati ngakhale litakhala lalitali; likakana kukwana, fufuzani liwu lina lalifupi.

## 10. Ikani mawu pa chithunzi ndipo muyese pa foni yeniyeniyo

Pangani chithunzi chokula mofanana ndendende ndi sikirini yanu. Chifukwa chake n'chakuti foni ikalandira chithunzi chachifupi imachikulitsa kuti chidzaze sikirini, n'kudula m'mbali. Chithunzi cha 1080 ndi 1920 chikaikidwa pa sikirini ya 1080 ndi 2400 chimakula mpaka m'mbali mwake mufike 1350, ndipo mapikiselo 135 amadulidwa mbali iliyonse, amene ndi malo onse aja munasiya m'mbali, pakuti 108 aja nawonso amakula kufika 135, moti zilembo zoyamba ndi zomaliza za mzere wautali zimafika m'mphepete penipeni mwa sikirini.

Ikani mawuwo pansi pa wotchi, pakati pa sikirini kapena m'munsi pang'ono, ndipo yerekezani ndi chithunzi cha sikirini chimene munajambula poyamba kuti muone kuti sakugundana ndi kanthu. Mtundu wa zilembo usiyane kwambiri ndi wa kumbuyo kwake. Malangizo a WCAG, amene amatsatidwa pokonza masamba a pa intaneti kuti aziwerengeka, amafuna kusiyana kwa 4.5 kwa 1 pa zilembo wamba ndi 3 kwa 1 pa zilembo zikuluzikulu, koma ngakhale popanda kuyeza, zilembo zoyera pa mtundu wakuda kapena zakuda pa woyera zimadutsa malire amenewa kutali. Ngati kumbuyo kuli chithunzi chojambula, chidetseni kaye, kapena ikani mawu pamalo pamene palibe zambiri, monga pathambo. Sungani chithunzicho ngati fayilo ya mtundu wa PNG, chifukwa ya mtundu wa JPEG imasiya timadontho m'mphepete mwa zilembo.

Mukachiika, tulukani nacho padzuwa, kenaka chepetsani kuwala kwa sikirini ngati mmene imakhalira usiku, ndipo dikirani kuti mauthenga awiri kapena atatu alowe muone ngati akuphimba mawuwo. Ndi bwino kuika mawu pa sikirini yotsekera yokha, popeza pa sikirini yamkati tizithunzi ta mapulogalamu timakhala pamwamba pake.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kuposa zonse ndi kuchepetsa zilembo m'malo mochepetsa mawu. Mukaona kuti mwayamba kutsitsa kukula kwa zilembo kuti chiganizo chikwane, bwererani ku gawo lachisanu, chifukwa vuto lili m'mawu.

China ndi kuika mitengero ndi dzina la wolemba ndime pansi pa mawu amene mwafupikitsa nokha. “Ngakhale watopa, chita kagawo ka lero” si mawu amene wolemba ndime uja analemba, ndipo kumuika m'kamwa mawu amene sananene n'kumunamizira, ngakhale mfundo ili yake. Mukafuna kumutchula, tengani chiganizo chake monga mmene chilili, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Mukafupikitsa, siyani dzina ndi mitengero. Zithunzi zotere zimagawidwa kwa anthu ambiri, ndipo mawu onamizira munthu akafalikira n'kovuta kuwabweza.

Ena amataya kalembedwe koyenera pofuna kusunga malo, makamaka nkhodolero ya mu “pang'ono” ndi “n'kofunika”, kapena amasankha zilembo zokongoletsedwa zimene zilibe chilembo cha ŵ, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina. Yesani kaye mtundu wa zilembo ndi mawu anu enieni musanaukonde. Kulemba chiganizo chonse m'zilembo zazikulu kumadya malo ambiri m'mbali, moti mzere umene unkakwana sukwananso, ndipo mfuuliro atatu kumapeto sawonjezera mphamvu imene mawu alibe.

Palinso kulonjeza zopitirira zimene ndime inanena. Pofupikitsa, mawu monga “nthawi zina” ndi “mwina” amagwa, ndipo chiganizo chimene chinali chosamala chimasanduka lonjezo, monga “ukalimbikira udzapambana”. Tsiku limene zinthu zalephereka ngakhale munalimbikira, mawu otere amasanduka chitonzo pa sikirini yanu yomwe. Mawu ouza munthu chochita sakhala ndi vuto limeneli, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene tinasiyira “Mphamvu zimabwera ukayamba”.

Chomaliza ndi kusiya mawu omwewo kwa miyezi yambiri. Maso amazolowera chilichonse chimene sichisintha, ndipo mungadziyese motere: ngati mwatsegula foni kangapo lero koma simukukumbukira kuti munawerenga mawuwo, ndiye kuti asanduka mbali ya chithunzi. Pamenepo simufunika kufunafuna ndime ina. Bwererani ku pepala la m'gawo lachiwiri, pamene panatsala mfundo ya kusadziyerekeza ndi ena, ndipo muitengere m'magawo omwewa kuyambira pa lachinayi. Liwu lakuti “usadziyerekeze” lili ndi zilembo 14, choncho lidzafuna mzere wakewake, ndipo chigawo chachiwiri chiyenera kukwana m'mizere iwiri yotsalayo.